Kapinga, mpanda wa maluwa ndi njira: zikhalepo, koma nyumba ioneke

"Ndimajambula nyumba mu SketchUp n'kumalizira chithunzi mu Enscape. Nyumba zimatuluka bwino, koma pabwalo m'pamene pandivuta. Ndikasiya kapinga yekha, amaoneka ngati kapeti yobiriwira. Ndikaika mpanda wa maluwa, mapeva ndi mitengo, kasitomala akuti nyumba yake yabisika. Nditani?"

Achimwene, musawonjezere chomera china chilichonse. Chimene chimachititsa munthu kukhulupirira bwalo la pachithunzi ndi zinthu ziwiri: miyeso yoona, ndi mmene zinthu zikumanirana m'mphepete. Zikakhala bwino zimenezi, bwalo la kapinga, njira imodzi ndi mpanda wochepa limakwana.

Ndiyambe ndi mpanda wa maluwa, poti ndi umene wakwiyitsa kasitomala wanu. Mpanda subisa nyumba chifukwa cha kutalika kwake kokha, umabisa chifukwa cha pamene waima pakati pa kamera ndi khoma. Tiyerekeze kuti kamera mwaiika pa msinkhu wa maso a munthu, mita 1.6 kuchokera pansi, ndipo ili mamita 15 kuchokera kukhoma la kutsogolo. Mpanda uli mamita 5 kuchokera pa kamera. Mukaupatsa mita 1.5, diso lodutsa pamwamba pake limatsika ndi masentimita 10 pa mamita 5 aliwonse, choncho likafika pakhoma latsika ndi 30 okha. Zonse za pansi pa mita 1.3 zabisika: masitepe, khonde, theka la chitseko, ngakhale kunsi kwa mawindo amene nthawi zambiri amayambira pa masentimita 90. Nyumba imaoneka ngati yakhazikidwa pamwamba pa masamba.

Mutsitse mpandawo ukhale mita imodzi. Tsopano khoma lonse likuoneka, koma pansi pakuoneka kachigawo kosakwana mamita awiri pafupi ndi nyumba, ndiye kuti kapinga ndi njira zimene munavutikira zija zatayika. Pa masentimita 60, diso limagwera pansi pa mamita 8 kuchokera pa kamera, ndipo mamita 7 a bwalo amaonekera. Apa m'pamene ine ndimaimira. Ngati mwini nyumba akufunadi mpanda wautali woti anthu a mumsewu asamamuone, musaunamize msinkhu. Lowetsani kamera mkati mwa mpanda, kapena muiike pa geti pomwe mpandawo wadukira, kuti uzioneka m'mbali ngati malire a chithunzi.

Mpanda weniweni wa duranta, ngati umene timauona m'nyumba zambiri ku Lilongwe ndi ku Blantyre, suli ngati bokosi. Wodula wabwino amausiya wotambalala pang'ono kunsi kuposa kumwamba kuti dzuwa lifike masamba apansi. Pansi pake pamakhala mthunzi wakuda ndi dothi, poti kapinga samera bwino pamenepo. Ngati mukugwiritsa ntchito chitsamba chimodzi chobwerezabwereza, chizungulizeni mosiyanasiyana ndipo musinthe kukula kwake pang'ono, apo ayi diso ligwira msanga nthambi imodzimodzi ikubwera pa mita iliyonse.

Tibwere ku mapeva, pamene ambiri amagwera osadziwa. Peva wamba wa konkire ndi mamilimita 200 m'litali ndi 100 m'lifupi. Chithunzi cha mapeva chimene mwatsitsa sichidziwa zimenezo, chimangobwera ndi kukula kulikonse. Werengani mapeva amene ali m'chithunzicho. Ngati alipo 5 m'litali mwake ndi mizere 10, chithunzicho chikuimira mita imodzi mbali zonse ziwiri, ndipo muyeso umenewo ndi umene mulembe pa Edit mu Materials. Poyesa, yang'anani chitseko cha masentimita 90: patsogolo pake payenera kukwana mapeva anayi ndi theka ogona m'litali. Akakwana awiri okha, nyumba yanu ya zipinda zitatu ioneka ngati kanyumba ka mlonda, ndipo kasitomala sadziwa chalakwika, angoti nyumba yachepa.

Njira yochokera pa geti kufika pakhomo ikhale mita 1.2 kuti anthu awiri ayende limodzi, yopita kuseri ikhoza kukhala masentimita 90. Ngati ndi miyala yopondapo yoikidwa m'kapinga, kuchokera pakati pa mwala kufika pakati pa wina pakhale masentimita 60 mpaka 65, phazi la munthu woyenda mwakachetechete. Ndipo njira ipite kumene munthu angapitedi. Njira yokhotakhota pa bwalo la mamita 10 popanda mtengo kapena chitunda choizungulira ndi bodza limene aliyense amaliona, chifukwa pamalo penipeni ana akanadula kale yachidule pakapinga.

Tsopano m'mphepete, pamene ndikufuna muthere nthawi yanu yambiri. Mu SketchUp n'kosavuta kujambula bwalo lonse ngati pepala limodzi lathyathyathya, n'kungolipaka mitundu: apa kapinga, apa mapeva, apa khoma. Kunja kulibe malo otero. Mapeva amagwiridwa ndi kakhoma ka konkire m'mbali kuti asamwazike, ndiye kajambuleni, kakhale ndi makulidwe ake ndi kamthunzi kake. Pansi pa nyumba pakhale pokwera masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa bwalo, monga amamangira kuti chinyezi ndi madzi a mvula asalowe, ndipo mapeva apendekeke pang'ono kuchoka kukhoma, masentimita awiri pa mita iliyonse. Kapinga asakhudze khoma. Ikani simenti yozungulira nyumba, kapena mzere wa miyala ya kwale, ndipo ngati denga lilibe magata muonetse ngalande pamene madzi a malata amagwera. Munthu amene anakhalapo m'nyumba nthawi ya dzinja amazindikira zimenezi ngakhale sangazitchule dzina.

Kapinga ndiye wosavuta. Mu Enscape musankhe Grass pa mtundu wa chopakacho, mutsitse Height kuti afanane ndi kapinga wotchetchedwa wa masentimita atatu mpaka asanu, ndipo mukweze Height Variation pang'ono chabe. Akatalika amameza miyala yopondapo ndi kakhoma ka m'mbali kaja. Kubiriwira kuchepetseni, kupendekere kuchikasu. Kapinga wa kwathu kuno amamera pa dothi lofiira, ndipo amakhala ndi timadontho touma m'mbali mwa njira ndi pansi pa mtengo. Kubiriwira kowala kumene kumabwera ndi pulogalamu kumakoka diso kuposa khoma loyera, komanso kumaponyera mtundu wake kunsi kwa khomalo.

Za mitengo ndinena mwachidule: umodzi kumbali ya chithunzi, nthambi zake zisadutse pa chitseko kapena pa nsonga ya denga, ina ikhale kuseri kwa nyumba. Mthunzi wa mtengo woima kunja kwa chithunzi ukagwera pa kapinga wa kutsogolo umathetsa vuto la kapeti lija popanda kubisa njerwa ngakhale imodzi.

Musanatumize, ikani zomera zonse pa Tag yawoyawo, muzizimitse n'kutulutsa chithunzi, kenako muziyatse n'kutulutsa china pa kamera yomweyo. Ikani zithunzi ziwirizo moyandikana. Chitseko chachikulu, masitepe, ngodya za nyumba ndi mzere wa denga ziyenera kuoneka pa zonse ziwiri. Chomera chimene chaphimba chimodzi mwa izi chisunthidwe kapena chidulidwe msinkhu, ndipo muyambire pa mpanda uja wa pafupi ndi kamera.