Nambala ya mtundu ndalemba, koma chithunzi chikutuluka china

"Kampani yathu ili ndi mtundu wakewake, #0F6E6E, wobiriwira wopita ku buluu koma woderapo. Ndikamapanga zithunzi zotsatsira malonda ndi pulogalamu ya AI, nambalayi ndimailemba, koma makapu ndi zikwama zimatuluka zowala mopitirira, mwina zobiriwira ngati masamba. Ndichite bwanji kuti mtundu uzikhala womwewo?"

Choyamba muzindikire kuti pulogalamuyo siwerenga nambala mmene imawerengera Photoshop. Mu Photoshop, #0F6E6E ndi lamulo: kufiira 15, kubiriwira 110, buluu 110, basi. Pulogalamu yopanga zithunzi inaphunzira poona zithunzi zambirimbiri pamodzi ndi mawu ozifotokoza, ndipo anthu pofotokoza chithunzi salemba manambala otere. Choncho imatenga nambala yanu ngati tizidutswa ta zilembo n'kungoyerekeza. Mapulogalamu ena atsopano amayesetsa ndithu, n'chifukwa chake ndimati nambalayo muziilembabe, koma isamakhale yokha.

Mawu ofotokoza mtundu ayankhe mafunso atatu: mtunduwo uli pakati pa mitundu iti, ndi woderapo kapena wowala motani, ndipo ndi wakuthwa kapena wozilala. Mayankho ake simuchita kuganizira. Tsegulani bokosi losankhira mitundu, muone manambala a HSB: H ndi mtundu, S ndi kuthwa kwake, B ndi kuwala kwake. Mtundu wanuwu uli pa H 180, S 86, B 43. H 180 ndi pakati penipeni pa kubiriwira ndi buluu. S 86 akusonyeza kuti ndi wakuthwa, wosasakanikirana kwambiri ndi kutuwa. B 43 ndiye wofunika kwambiri pa vuto lanu, chifukwa akunena kuti mtunduwo ndi woderapo, sunafike n'komwe theka la kuwala. Mukangolemba dzina limodzi la mtundu, pulogalamu imakupatsani umene inauona kawirikawiri ndi dzinalo, ndipo nthawi zambiri umakhala wowala kuposa wanu. Malangizo anu akhale chonchi:

```
ceramic mug, matte finish, deep dark teal, midway between
blue and green, rich, darker than turquoise (#0F6E6E),
soft neutral white studio light, light grey background
```

Onani kuti mawu a mtundu aphatikana ndi chinthu chimene chikuyenera kuulandira. Mukawaika kumapeto paokha, mtunduwo umafalikira pakhoma, patebulo ngakhale pa zovala za munthu. Ndi chifukwa chakenso ndalemba mtundu wa kumbuyo kwa chithunzi. Samalaninso ndi kuyerekeza mtundu ndi zinthu. Mukati ngati nyanja kapena ngati nthenga za mbalame, musadabwe kuona mafunde kapena nthenga zitalowa m'chithunzi.

Tsono kuwala. Apa m'pamene anthu ambiri amaimba mlandu pulogalamu pomwe iyo yachita zimene anaiuza. Kapu ya mtundu wanu ikaikidwa padzuwa lamadzulo imatengera chikasu cha dzuwalo n'kupendekera kobiriwira, ngakhale itajambulidwa ndi kamera yeniyeni. Zithunzi zanu zooneka ngati masamba zija, kaoneni malangizo ake. Ndikukhulupirira mupezamo mawu onena za dzuwa lolowa kapena nyali zachikasu. Ngati mtundu ndiwo wofunika kuposa zonse, pemphani kuwala koyera, kofewa, ndipo chinthucho chikhale chosanyezimira. Chinthu chonyezimira chimaonetsa zimene zachizungulira, moti malo oonekera mtundu weniweni amatsala ochepa.

Kachitsanzo ka mtundu, kachithunzi kodzaza ndi mtundu wanu wokhawo, kamathandiza pamene mawu alekezera, ngati pulogalamu yanu imalandira chithunzi chotsanzira. Musakajambule pa sikirini kapena kukadula pa chithunzi chimene chadutsa m'mapulogalamu otumizirana mauthenga, chifukwa kupanikiza kwa JPEG ndi makonzedwe a sikirini zimatha kusuntha manambala. Kapangeni mwatsopano, ka PNG, mu sRGB. Ndi ImageMagick ndi mzere umodzi:

```
magick -size 1024x1024 xc:"#0F6E6E" swatch.png
```

Muuze pulogalamu momveka kuti kachitsanzoko ndi ka mtundu wa kapu yokha. Mukapanda kutero imatha kupaka chithunzi chonse mtunduwo, kapena kuchiphwatalalitsa chifukwa kachitsanzoko kalibe mithunzi. Pamene pali poikira mphamvu ya chithunzi chotsanzira, yambani pansi n'kumakweza pang'onopang'ono, ndipo mulekere pomwe kumbuyo kwayamba kutengera mtunduwo. Ngati kampani ili ndi mitundu iwiri kapena itatu, uliwonse ukhale pa fayilo yake ndi chinthu chake, apo ayi isakanikirana. Koma choposa zonsezi, kwa ine, ndi chithunzi cha katundu weniweni chojambulidwa pa kuwala koyera. Chimaonetsa mtundu powala, pakati ndi pamthunzi nthawi imodzi, zimene kabokosi ka mtundu umodzi sikangachite.

Chithunzi chikatuluka, musaweruze ndi maso okha. Maso amanyengeka ndi mitundu yoyandikana, komanso masikirini amasiyana. Mu Photoshop tengani Eyedropper, pa Sample Size musankhe 31 by 31 Average kuti musayeze kadontho kamodzi, kenako yezani mbali ya kapu imene siili pamthunzi ndiponso siikunyezimira.

Tiyerekeze kuti mwapeza #1FA3A8. Mu HSB ndi H 182, S 82, B 66. H wangosuntha ndi 2, S ndi 4, koma B wakwera kuchoka pa 43 kufika pa 66. Ndiye kuti mtundu pulogalamu yaupeza, chalakwika ndi kuwala kokha. Musasinthe dzina la mtundu. Limbikitsani mawu a kudera, ndipo chotsani mawu alionse opempha chithunzi chowala kapena chamitundu yakuthwa. Tiyerekezenso kuti china chakupatsani #2E6B58, amene ndi H 161, S 57, B 42. Apa kudera kuli bwino, koma H watsika ndi 19 kupita kobiriwira ndipo mtundu wazilala. Chimenechi ndi chizindikiro cha kuwala kwachikasu, choncho konzani mawu a kuwala, osati a kapu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo ngati pali seed, nambala imene pulogalamu imayambirapo popanga chithunzi, muisiye yomweyo, kuti mudziwe chimene chathandiza.

Mwa manambala atatuwa, H ndiye woyenera kumuumira mtima. B amasinthasintha pa chinthu chilichonse chokhala ndi mthunzi, ndipo kapu imene paliponse ndi #0F6E6E ndendende imaoneka ngati pepala lomata. Ine ndimalola H kusuntha ndi madigiri asanu okha uku kapena uku. Ameneyu si muyezo wa boma, ndi malire ogwirira ntchito amene mungagwirizane ndi eni kampani.

Chithunzi chimene mwachikonda koma mtundu waphonya pang'ono, musalimbane nacho pochipanganso. Sankhani kapuyo yokha, muike leya ya Solid Color ya #0F6E6E, ndipo kasakanizidwe kake kakhale Color. Kameneka kamasintha mtundu ndi kuthwa kwake koma kamasiya kuwala ndi mithunzi mmene zinalili. Choncho pa chithunzi cha B 66 chija leyayi payokha sikwanira: yambani mwatsitsa kuwala ndi Curves pa kapu yomweyo, kenako yezaninso. Logo, zilembo ndi mizere ya mtundu umodzi musazisiyire pulogalamu ya AI. Ziikeni nokha pamwamba kuchokera pa mafayilo a kampani. Ngati chithunzicho chikupita kosindikiza, pemphani osindikizawo akupatseni pepala loyesera musanavomere, chifukwa inki ya CMYK siitulutsa mitundu yonse imene sikirini imaonetsa, makamaka yowala ndi yakuthwa kwambiri.