Katundu wotsala timuwerengere pa mtengo uti?

"Mwana wanga, iwe wa maakaunti tandithandiza. Maloko ndinapikula katatu chaka chino, mitengo yosiyana, onse ali mukatoni imodzi. Atsala 80. Wina akuti ndiwerengere pa FIFO, wina akuti pa avereji. Nditenge iti?"

Azakhali, ndaumva uthenga wanu, ndangoti ndijambule mawu chifukwa kulemba zonsezi kungatalike. Kwa inu, monga mmene mumasungira katunduyo, ine ndinganene avereji. Koma ndikufuna muone nokha kuti ndikutero chifukwa chani, ndiye tengani cholembera, tiwerengere limodzi. Mitengo yanu yeniyeni simunandiuze, ndiye ndingoika manambala osavuta, inu mudzangosintha n'kuikapo anu a pa malisiti.

Tiyerekeze kuti ulendo woyamba munapikula maloko 40, lililonse pa 100. Ndiye kuti munalipira 4,000. Ulendo wachiwiri maloko 100 pa 120, ndiyo 12,000. Ulendo wachitatu mtengo unakweranso, maloko 60 pa 150, ndiyo 9,000. Onse pamodzi ndi maloko 200, ndalama yonse 25,000. Mwagulitsa 120, atsala 80 aja.

Tiyambe ndi FIFO. Imeneyi ndi njira yoti katundu amene anayamba kulowa ndi amene timamutenga kuti anayamba kutuluka. Sizikutanthauza kuti loko lenileni lomwe munapatsa kasitomala linali lakale ayi, ndi mawerengedwe chabe a m'buku. Ndiye pa maloko 120 ogulitsidwa, timati oyamba kupita ndi 40 a pa 100 aja, kenako 80 mwa a pa 120 aja. Otsala ndiye kuti ndi atsopano. Powerengera mumayambira pa lisiti yomaliza kubwerera m'mbuyo. Lisiti yomaliza ili ndi maloko 60 pa 150, ndiyo 9,000. Akusowa 20 kuti akwane 80, mumawatenga pa lisiti ya pakati, pa 120, ndiyo 2,400. Kuphatikiza, katundu wotsala ndi wa 11,400.

Tsopano avereji. Apa simusamala kuti loko linabwera liti. Mumatenga ndalama yonse munalipira, 25,000, kugawa ndi maloko onse, 200, loko limodzi likubwera pa 125. Otsala 80 kuchulukitsa ndi 125, mukupeza 10,000.

Mwaona? Katoni yomweyo, maloko omwewo, koma njira imodzi ikuti 11,400, ina ikuti 10,000. Palibe imene ikunama. Kusiyana kwa 1,400 kumeneku kumakaonekera pa phindu, ndipo pamenepa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino.

Tinene kuti loko lililonse mumagulitsa pa 180. Maloko 120 akupatsani 21,600. Kuti mudziwe phindu, mumachotsapo ndalama imene munagulira maloko ogulitsidwawo, ndipo imeneyo mumaipeza pochotsa katundu wotsala pa 25,000 ija. Pa FIFO, 25,000 kuchotsa 11,400 kutsala 13,600, phindu n'kukhala 8,000. Pa avereji, 25,000 kuchotsa 10,000 kutsala 15,000, phindu n'kukhala 6,600. Ndikunena phindu lisanachotsedwe lendi, malipiro a wantchito ndi zina zotero.

Komatu azakhali, ndalama imene ili m'manja mwanu ndi 21,600 yomweyo. Njira yowerengera sionjezera ngakhale pang'ono. Chimene chikuchitika n'chakuti mitengo ikamakwera, FIFO imaika mitengo yakale yotsika pa katundu wogulitsidwa, ndiye phindu limaoneka lonenepa. Ndiye taganizani, mukufuna kubwezeretsa maloko 120 amene apita aja. Lero ali pa 150, mukufunika 18,000. Pa 21,600 ija patsala 3,600 yokha. Munthu amene waona 8,000 m'buku n'kuitapa yonse kukagwiritsa ntchito kunyumba, akapita kokapikula amapeza kuti ndalama sikukwana maloko 120, ikungokwana 90 basi. Mpamba wadyeka iye akuganiza kuti akudya phindu. Avereji nayonso sikutetezani kwathunthu, poti 6,600 ndi yoposabe 3,600, koma sikunamizani kwambiri ngati FIFO. Ichi ndiye chifukwa changa choyamba. Ndipo chonde, poika mtengo wogulitsira musamayang'ane 125 wa avereji kapena 100 wakale uja, muziyang'ana mtengo umene mukapikulire mawa.

Kumbali ya msonkho, ngati mumakhoma wowerengera pa phindu, phindu looneka lalikulu limabweretsa msonkho waukulu chaka chimenecho. Koma musaganize kuti avereji ikuzembetsani msonkho ayi. Imangosuntha nthawi. Chaka chamawa mukadzagulitsa 80 otsalawa, wa FIFO adzachotsa 11,400, wa avereji adzachotsa 10,000 yokha, ndiye 1,400 ija idzatulukira kwa wa avereji. Katundu yense akatha, phindu la zaka ziwirizo likaphatikizidwa limafanana ndendende. Mitengo ikamatsika zonsezi zimatembenuka, FIFO ndiyo imaonetsa phindu lochepa.

Chifukwa changa chachiwiri ndi katoni yanu ija ndi kope lanu. FIFO imafuna kuti malisiti onse akhalepo, ndi madeti ake, motsatana bwino. Mukataya lisiti yomaliza, kapena mukasokoneza kuti inayamba ndi iti, mwasokoneza zonse. Ndipo simugulitsa maloko okha, muli ndi mitundu yambiri ya katundu, uliwonse ufunika mndandanda wake wa magulu. Avereji imangofuna manambala awiri pa mtundu uliwonse, ndalama yonse ndi kuchuluka konse. Kwa katundu wofanana, wosawonongeka msanga, wosakanizidwa malo amodzi, njira imeneyi ndiyo imagwirizana ndi mmene zinthu zilili m'sitolo.

Koma pali pomwe anthu amalakwitsa pa avereji, ndipo amalakwitsa kwambiri. Amangophatikiza mitengo, 100 ndi 120 ndi 150, n'kugawa ndi 3. Ayi, si choncho. Mtengo uliwonse uyenera kulemera molingana ndi kuchuluka kwa katundu amene munagula pa mtengowo. Pa chitsanzo chathuchi kulakwako sikukuoneka kwambiri, mungapeze 123 m'malo mwa 125. Koma tiyerekeze munagula maloko 10 okha pa 100, kenako 90 pa 150. Wophatikiza mitengo anena kuti avereji ndi 125. Zoona zake, munalipira 14,500 pa maloko 100, ndiye avereji ndi 145. Loko lililonse waliphonya ndi 20. Njira yodziyesera ndi iyi: mukachulukitsa avereji yanu ndi maloko onse, ikuyenera kubwerera pa ndalama yonse ya pa malisiti. Ikapanda kubwerera, pena pake palakwika.

Ndisaiwale, katundu amene munatsala naye chaka chatha amalowa nawo, amakhala ngati lisiti yoyamba. Komanso mtengo wa loko si wa pa lisiti wokha. Transipoti imene munalipira kuti katunduyo afike pasitolo imalowa momwemo. Ngati ulendo womaliza munalipira 600 yonyamulira maloko 60 aja, lililonse lakwera ndi 10, lafika pa 160. Ngati anakuchotserani mtengo popikula, mumachotsanso.

Nanga FIFO ndi yabwino liti? Ikakhala katundu wokhala ndi deti lothera ntchito, monga penti kapena guluu, amene mumatulutsadi wakale poyamba, komanso mumalemba katoni iliyonse tsiku limene yafika. Pamenepo buku ndi shelefu zimayendera limodzi. Ubwino wake wina ndi woti katundu wotsala amaoneka pa mtengo woyandikira wa lero, ndiye ngati mukukaonetsa mabuku kubanki pofuna ngongole, 11,400 ikufotokoza bwino zimene zili m'sitolo kuposa 10,000. Koma mvetsani, kutulutsa katundu wakale poyamba pa shelefu ndi nkhani ina, kuwerengera m'buku ndi nkhani inanso. Mukhoza kumagulitsa penti wakale poyamba, n'kumawerengerabe pa avereji, palibe cholakwa.

Mwina wina adzakuuzani za njira yachitatu, LIFO, yoti katundu wobwera pomaliza ndiye woyamba kutuluka. Imeneyo isiyeni. Malamulo a maakaunti a padziko lonse, gawo lotchedwa IAS 2, amalola FIFO ndi avereji, koma LIFO anaichotsa pamene anawakonzanso mu 2003. Ku Amereka ndi kumene amailolabe. Malamulo omwewo amafuna kuti katundu wa mtundu wofanana aziwerengedwa njira imodzi, ndiponso kuti musamasinthesinthe chaka ndi chaka. Mukatseka chaka chino pa avereji, chamawa mutsegule ndi 10,000 yomweyo. Mukatsegula ndi 11,400, ndiye kuti 1,400 ija yasowa, siinawerengedwe ngati phindu chaka chilichonse, ndipo oona za msonkho akadzafufuza mabuku amafunsa zimenezo.

Pali lamulo lina limene limagwira njira zonse ziwiri. Katundu sawerengedwa pamwamba pa ndalama imene mungapeze mutamugulitsa. Tiyerekeze pabwera maloko ena otchipa, anuwa tsopano akungoyenda pa 130. Maloko 80 pa 130 ndi 10,400. Wa FIFO analemba 11,400, ayenera kutsitsa ndi 1,000, n'kuilemba kuti waluza. Wa avereji analemba 10,000, ali pansi kale, sasintha kanthu. Chimodzimodzi loko la dzimbiri kapena lotaya makiyi, musaliwerengere pa 125 ngati labwino. Liikeni padera, mulipatse mtengo umene munthu angaligulire.

Mwana wanu uja anandiuza kuti akufuna kukuikirani pulogalamu ya sitoko pafoni. Ikadzabwera, musadzadabwe ikamapereka nambala yosiyana pang'ono ndi ya m'kope. Mapulogalamu ambiri amawerengeranso avereji nthawi iliyonse katundu watsopano akalowa, pogwiritsa ntchito amene watsala pa tsikulo, pomwe ife tawerengera kamodzi kumapeto kwa chaka. Zonse ndi zololedwa. Chongofunika n'chakuti katundu akafika muzimulowetsa kaye musanayambe kugulitsa. Mukaona pafoni pakuonetsa kuti maloko atsala ochepera ziro, dziwani kuti lisiti ina sinalowe, ndipo avereji imene ikuonetsa musaikhulupirire mpaka mutakonza.

Ndiye musanachulukitse chilichonse, kawerengeninso malokowo ndi manja, muone ngati alidi 80. Buku likati 80 koma mukatoni muli 76, muchulukitse 76, ndipo anayi osowawo muwalembe kuti atayika. Mukatha mundijambulire malisiti atatu aja ndi ya transipoti, muwatumize pagulu pompano, ndikuwerengerani avereji yanu yeniyeni madzulo ano.