Mphindi 90 pa Johannesburg: kodi n'zokwanira kusintha ndege?

"Ndikupita ku London kukaona mwana wanga. Ndege yochokera ku Lilongwe ifika ku Johannesburg 17:40, ndipo ya ku London inyamuka 19:10. Kodi nthawi imeneyi ikwana? Komanso ndaona kuti kugula matikiti awiri padera kukutsikirako mtengo." — Mayi wa ku Area 25

Mayi, mphindi 90 zolembedwa pa tikitipo si zanu zonse. Nthawi yofika imene makampani amalemba ndi pamene ndege yaima pamalo ake, osati pamene inu mwatsika, ndipo nthawi yonyamuka ndi pamene ndege ikuchoka pamalo ake, zitseko zitatsekedwa kalekale. Choncho mpatawo umadyedwa mbali zonse ziwiri.

N'chifukwa chake bwalo lililonse la ndege, pamodzi ndi makampani ogwira ntchito pabwalopo, limakhala ndi mpata wochepetsetsa wosinthira ndege. Powerengera mpatawu amaona kutalika kwa mtunda pakati pa mageti, nthawi ya chipikisheni ndi yoonetsa pasipoti, komanso nthawi imene antchito amafunika kuti atsitse chikwama chanu, achisankhe pakati pa mazana a zikwama zina, n'kuchikweza m'ndege yachiwiri. Makompyuta ogulitsira matikiti sakugulitsani tikiti imodzi ya ulendo umene mpata wake ndi wochepera pamenepo. Koma dziwani kuti mpatawo amawerengera munthu woyenda msanga, tsiku limene ndege yafika pa nthawi yake.

Tiyeni tiwerenge ulendo wanu ngati uli pa tikiti imodzi. Ndege yaima 17:40, ndipo ngati mwakhala chakumbuyo mudzatuluka cha m'ma 17:55. Kuyenda kutsata zikwangwani za apaulendo ongodutsa, kuonetsa pasipoti, kusechedwanso ndi kukafika pa geti, tiikepo mphindi 25, ndiye kuti yakwana 18:20. Geti ya ndege zopita kutali nthawi zambiri imatsekedwa kutatsala mphindi 15 kapena 20, tinene kuti 18:50. Zimene zatsala m'manja mwanu ndi mphindi 30 basi, ndipo ndege yanu yoyamba ikachedwa kuposa pamenepo, ya ku London yakusiyani. Kuchedwa kotere sikosowa pa bwalo la OR Tambo la ku Johannesburg m'miyezi ya mvula, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, pamene mabingu ndi ziphaliwali za madzulo zimachititsa ndege kuzungulira m'mwamba podikira kutera.

Komabe pa tikiti imodzi muli ndi pothawira. Kampani inakulonjezani kukufikitsani ku London, kotero ndege yoyamba ikakuchedwetsani, imakuikani pa ndege yotsatira popanda kugulanso tikiti. Chikwama chanunso chimapita chokha mpaka kumapeto, ndipo mungatsimikize zimenezi ku Lilongwe komweko poyang'ana kapepala kamene amamata pa chikwama: ngati pali LHR, chikupita ku bwalo la Heathrow la ku London, koma ngati malembo omaliza ndi JNB, ndiye kuti mukachitenge nokha pa Johannesburg.

Nkhani ya matikiti awiri ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu. Kawirikawiri zikatero mumayenera kulowa m'dziko la South Africa kudzera kwa a imigireshoni, kudikira chikwama pa lamba, kenako kukachiperekanso pa kauntala ya kampani yachiwiri. Makauntala a ndege zopita kunja amatseka pafupifupi ola lathunthu ndege isananyamuke, kutanthauza 18:10 pa ulendo wanu. Mwatsika 17:55, mzere wa pasipoti ndi kudikira katundu zakudyerani mphindi 40, ndipo mukufika pa kauntala 18:35 itatsekedwa kale, ngakhale ndege yanu sinachedwe n'komwe. Kwa kampani yachiwiriyo ndinu munthu amene sanabwere, ndipo nthawi zambiri amafafaniza ndi ulendo wobwerera womwe. Ndalama zimene munapulumutsa sizingafike pa mtengo wa tikiti yogula usiku womwewo.

Chinanso choyenera kufunsa kwa ejenti wanu ndi chakuti ndege yotsatira ya kampani yomweyo inyamuka liti. Ndege zochokera ku Johannesburg kupita ku London zambiri zimanyamuka madzulo ndi usiku, choncho mukaiphonya yomaliza mudzadikira mpaka mawa lake.

Malangizo anga ndi akuti pa tikiti imodzi musankhe mpata wa maola awiri kapena atatu, makamaka ngati miyendo imakuvutani kapena aka n'koyamba kudutsa pabwaloli. Mungapemphenso njinga ya olumala pogula tikiti, ndipo wantchito adzakuperekezani mpaka pa geti. Ngati mwatsimikizadi za matikiti awiri, mpata usachepere maola anayi. Mphindi 90 zimene mwapezazi ndingazivomereze pokhapokha ulendo wonse uli pa nambala imodzi ya tikiti, ndipo mupemphe mpando wakutsogolo pochoka ku Lilongwe.