Musalipire gawo lomaliza pulogalamu isanafike m'manja mwanu

"Ndili ndi sitolo yogulitsa katundu mopikulitsa ku Limbe, ndipo ndapeza mnyamata woti andipangire webusayiti ndi apu yoti makasitomala azioderapo katundu. Wanditchulira K3,000,000. Kodi m'kontirakiti yathu tilembemo chiyani kuti mawa ndisadzalire?"

Mayi, chinthu choyamba chimene muyenera kudziwa n'chakuti apu imene mudzaione pa foni yanu ndi yosiyana ndi khodi, malangizo opangira apuyo amene mnyamatayo adzalembe pa kompyuta yake. Apu ili ngati nsima yophikaphika, pomwe khodi ndiye ufa, ndipo munthu amene alibe khodi sangasinthe ngakhale batani limodzi popanda kubwerera kwa amene anailemba. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a pakompyuta monga momwe limatetezera mabuku, choncho musangoganiza kuti popeza mwalipira ndiye kuti zonse ndi zanu. Mulembe momveka bwino, nonse awiri musayinire, kuti umwini wa khodi, maonekedwe a apu, zithunzi ndiponso zonse zosungidwa m'detabesi, nkhokwe ya maoda ndi maina a makasitomala, zikhala zanu mukamaliza kulipira, komanso kuti muli ndi ufulu wozisintha kapena kuzipereka kwa katswiri wina aliyense.

Mwina mnyamatayo adzakuuzani kuti mbali zina sangakupatseni umwini wake, ndipo pamenepo sakunama ayi. Akatswiri onse amagwiritsa ntchito zidutswa za khodi zaulere zimene anthu ena analemba, zokhala ndi ziphaso monga MIT kapena GPL, ndipo ambiri ali ndi zidutswa zawozawo zimene amaika m'ntchito ya kasitomala aliyense. Chofunika n'chakuti azitchule zonsezo pa tsamba lapadera, ndipo pa zidutswa zakezo akupatseni chilolezo chosatha chozigwiritsa ntchito ndi kuzisintha popanda kulipiranso. Mumufunsenso ngati pali chidutswa chogula chimene chiphaso chake chimalipiridwa chaka ndi chaka, chifukwa bilu imeneyo idzabwera kwa inu.

Koma ndikuuzeni mosabisa kuti anthu ambiri amene ndawaona akuvutika, vuto lawo silinali mawu a umwini, koma maakaunti. Gulu lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama linalemba ntchito mnyamata wina waluso ndithu, amene anatipangira webusayiti yabwino, kenaka n'kupita ku Joni kukafuna maganyu. Patatha chaka webusayiti inazima, ndipo titafufuza tinapeza kuti dzina la webusayitiyo, limene amati domeni, analilembetsa pa imelo yake, ndipo makalata onse otikumbutsa kulipira ankapita kwa iyeyo. Pepala lonena kuti zonse ndi zathu tinali nalo m'fayilo, koma kampani yosunga webusayiti imadziwa mwini akaunti yekha, ndiye tinatha masabata tikumusakasaka kudzera mwa abale ake.

N'chifukwa chake kontirakiti yanu inene kuti maakaunti onse atsegulidwa m'dzina la bizinesi yanu ndi pa imelo yanu ntchito isanayambe, ndipo iyeyo mudzangomulowetsamo ngati wantchito. Ndikunena za domeni (ngati ili yothera ndi `.mw`, kaundula wake amayang'anira ndi a Malawi SDNP), seva yosungirapo webusayiti, akaunti ya Google Play Console yoikira apu pa Play Store, imene amalipira madola 25 kamodzi kokha, ya Apple imene amalipira madola 99 chaka chilichonse ngati mukufunanso apu ya iPhone, ndiponso akaunti yolandirira ndalama ya Airtel Money kapena TNM Mpamba. Khodi nayonso izikhala pa akaunti yanu ya GitHub, webusayiti yosungirapo khodi, ndipo mulembe kuti aziikamo zimene walemba sabata iliyonse. Ngakhale simudziwa kuwerenga khodi, masiku amene waikamo zinthu amaoneka poyera, ndipo mukaona kuti padutsa masabata atatu osaikamo kanthu pomwe iye akuti ntchito ikuyenda, mudziwe kuti zinthu sizili bwino.

Tsopano za ndalama. K3,000,000 imeneyo ndikanakhala ine ndikanaigawa patatu: K900,000 posayina, K1,200,000 akakuonetsani webusayiti ndi apu zikugwira ntchito moti inu mwini mwayesa kuoda katoni ya sopo n'kulandira lisiti, ndipo K900,000 yotsalayo akapereka zonse m'manja mwanu. Gawo lomalizali lisakhale laling'ono, chifukwa munthu savutika kusiya K100,000 akapeza ntchito ina yonona.

Mawu akuti "kupereka" amenewa muwamasulire m'kontirakitimo, popeza aliyense amawamva mwake. Sikukupatsani fulashi yokhala ndi mafayilo ayi. Njira yodalirika ndiyo kupeza katswiri wina, kumulipira tsiku limodzi kapena awiri, kuti atenge khodi ija pa kompyuta imene sinagwirepo ntchitoyi:

```
git clone https://github.com/akaunti-yanu/dzina-la-pulogalamu.git
```

Kenaka atsatire malangizo olembedwa mu fayilo ya `README` mpaka pulogalamuyo iyake, popanda kuimbira foni mnyamata wanu uja. Akakakamira penapake, ndiye kuti pali chimene sichinaperekedwe, ndipo kawirikawiri chimakhala mapasiwedi a mu fayilo ya `.env`, amene mwadala saikidwa pa GitHub, kapena malangizo okhazikitsira detabesi. Ayesenso kubwezeretsa detabesi kuchokera pa kope losungidwa, chifukwa kope limene silinayesedwepo mumangolizindikira kuti ndi lopanda kanthu tsiku limene seva yagwa. Pa apu ya Android pali kafayilo kena kakang'ono kothera ndi `.jks` kapena `.keystore`, kamene kali ngati chidindo cha apuyo, ndipo popanda iko ndi pasiwedi yake mudzavutika kutumiza apu yokonzedwanso kwa makasitomala amene anaiika kale. Zonse zikatheka, musinthe mapasiwedi, ndipo mulipire tsiku lomwelo osamuzengereza mwana wa eni ake.

Pa nkhani yosamalira pulogalamu ikayamba kugwira ntchito, mikangano imabuka chifukwa chosasiyanitsa cholakwika ndi chinthu chatsopano. Ngati munagwirizana kuti wogula makatoni 10 achotseredwe mtengo, koma apu ikumulipiritsa mtengo wonse, chimenecho n'cholakwika ndipo akonze ulere. Koma mukatsegula nthambi ku Zomba n'kufuna kuti katundu wa kumeneko aziwerengedwa payekha, imeneyo ndi ntchito yatsopano yoyenera kulipiridwa. Kuti kusiyanitsaku kutheke, kontirakiti ikhale ndi ndandanda ya zonse zimene pulogalamuyo iyenera kuchita. Ine ndimaona kuti masiku 90 okonza zolakwika ulere ndi okwanira, chifukwa mumakhala mwadutsa mapeto a mwezi katatu, nthawi imene maoda amachuluka ndipo zofooka zimaonekera.

Masiku amenewo akatha, mukhale ndi pangano lina lapadera la mwezi ndi mwezi, lonena ndalama zake, maola amene ndalamazo zikulipira, ndi nthawi imene ayenera kuyankha, mwachitsanzo maola 4 ngati makasitomala akulephereratu kuoda, ndi masiku atatu pa zazing'ono. Musaganize kuti mungalizembe panganoli, popeza Google imakweza chaka ndi chaka mulingo wa Android umene mapulogalamu a pa Play Store ayenera kutsatira, ndipo apu yosiyidwa osakonzedwa imafika posaonekanso kwa anthu a mafoni atsopano. Mulembemonso kuti aliyense wa inu angathe kuthetsa panganolo atachenjeza mnzake masiku 30, kuti m'masiku amenewo mnyamatayo adzathandiza katswiri wolowa m'malo mwake, ndiponso kuti ngakhale mutasemphana pa ndalama, alibe ufulu wozimitsa webusayiti kapena kutenga manambala a foni a makasitomala anu.