Kabuku ka nyimbo kopinda pakati: masamba aziyenda chonchi

"Ndataipa nyimbo za pa msonkhano wa amayi a Mvano, zakwana masamba 7. Ndimafuna kabuku ka pepala la A4 lopinda pakati, koma nditapulinta masamba asokonekera, ena azondoka. Ndalakwitsa pati?"

Mayi, musanawononge inki ina, tengani mapepala 2 osalemba, muwasanjikize, muwapinde pakati. Lembani ndi pensulo 1 mpaka 8 ngati mukuwerenga buku, kenako muwatambasule. Muona nokha kuti pepala limodzi likapindidwa limabala masamba 4. Ndiye kabuku kotere kamayenda 4, 8, 12, 16. Masamba 7 anuwo akufuna lachisanu ndi chitatu, ndipo ine ndikanaikapo pemphero lotsekera kapena zolengeza m'malo molisiya loyera.

Pa masamba 8 zimakhala motere. Pepala lakunja, kumaso kwake, 8 amakhala kumanzere, 1 kumanja. Kuseri kwake 2 kumanzere, 7 kumanja. Pepala lamkati kumaso 6 ndi 3, kuseri 4 ndi 5. Taphatikizani manambala oyandikanawo: 8 ndi 1, 2 ndi 7, 6 ndi 3, onse akupereka 9. Nthawi zonse amapereka chiwerengero cha masamba kuonjezapo 1, choncho kabuku ka masamba 12 kazipereka 13. Mukapeza awiri osakwana nambala imeneyi, pamenepo ndiye palakwika.

Simufunika kusanja pamanja. Mu Word pitani ku Layout, Margins, Custom Margins, ndipo pa Multiple pages sankhani Book fold. Taipani nyimbo mwandondomeko, 1, 2, 3, Word idzasanja yokha populinta. Onaninso mizere mukatero, chifukwa tsamba lachepa kufika pa A5 ndipo mavesi amasuntha.

Kuzondokako ndi nkhani ina. Populinta mbali zonse sankhani Flip pages on short edge. Mukasiya pa long edge, kuseri konse kumatuluka chadodolido. Ngati makina anu sapulinta mbali zonse okha, yesani pepala limodzi kaye, mulembe kamtanda pakona kuti mudziwe mbali yolowetsera kachiwiri.

Chimene chimandiwawa ine ndi kuona agogo akutembenuza tsamba pakati pa vesi, kolasi itatsala kuseri, anzawo apita kale patsogolo. Nyimbo yaitali muziiyamba pa tsamba lakumanzere, 2, 4 kapena 6, kuti ithere pa loyang'anizana nalo. Masamba 4 ndi 5 ali papepala limodzi pakati penipeni, amenewo asungireni nyimbo yaitali kuposa zonse. Zilembo musazichepetse pofuna kupulumutsa pepala, saizi 12 ndi yabwino kwa maso a akuluakulu m'tchalitchi mopanda magetsi.

Pulintani kamodzi kokha, mukapinde, mukawerenge kuyambira 1 mpaka 8, kenako ndiye mupite kofotokopa. Kumeneko muwapatse kopindako monga chitsanzo. Sitepula wamba safika pamsana wa kabuku, ndiye mutsegule sitepulayo, muike labala yofufutira pansi pa mapepala, mubaye kuchokera kunja, kenako mupinde timawayato mkati ndi nsonga ya sizasi.