Banga loyera pa khomo la chiberekero si khansa nthawi zonse

"Dzulo anamwino anandipaka viniga pa khomo la chiberekero, akuti pali banga loyera. Usiku sindinagone. Kodi ndi khansa?"

Pepani achemwali, khazikitsani mtima pansi. Kawirikawiri banga limeneli si khansa. Anamwino amanyowetsa thonje ndi viniga, n'kupaka, n'kudikira mphindi 1 akuunika ndi tochi. Maselo amene asintha chifukwa cha kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, amayera kwa kanthawi, pomwe abwinobwino amangokhala ofiirira.

Sikuti kuyera kulikonse n'koopsa. Banga limene amalilabadira ndi loyera kwambiri, lokhala ndi malire ooneka bwino, lokhudza m'mphepete mwa kabowo kolowera m'chiberekero. Kutupa kwa matenda ena kapena kachilonda kongopola kumathanso kuyera mwambuu, ndiye viniga nthawi zina amanamiza. Ngakhale atakhaladi maselo osintha, pamatenga zaka 10 kapena kuposa kuti asanduke khansa, koma kwa amene ali ndi HIV zimafulumirapo.

Ngati bangalo likuoneka lonse, silinalowe m'kabowo ndiponso silinakute mbali yaikulu ya khomolo, amaliwotcha ndi kachipangizo kotentha kapena kuliumitsa ndi mpweya wozizira, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Likakhala lalikulu amakutumizani kuchipatala chachikulu kuti akalidule ndi kawaya ka magetsi. Pambuyo pake mudzatuluka chikazi chamadzimadzi, ndipo musagonane kwa milungu 4. Mukaona magazi ambiri, fungo loipa kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala. Pakatha chaka mukayezetsenso. Chonde musaphonye tsiku limene anakulemberani m'buku lanu lakuchipatala.