Phindu lenileni la akaunti yomwe mumaikamo ndi kutapamo ndalama

Funso: "Pa 1 Januwale 2024 ndinaika K10,000 mu akaunti yopindulitsa ndalama kuno ku Chipata. Nditagulitsa soya ndinawonjezera K6,000 pa 1 Julayi, kenako pa 15 Novembala ndinatapa K4,000 ya feteleza. Pa 31 Disembala munali K13,500. Bambo a kunyumba akuti tapindula 15 peresenti, ine ndikupeza 9. Akulondola ndani?"

Mayi, phindu m'makwacha nonse mwalipeza bwino, ndi K1,500. Pomwe mwasiyana ndi pa ndalama yogawira phindulo. Abambo agawa ndi K10,000, ngati kuti ya soya ija sinalowemo. Inu mwagawa ndi K16,000, ngati kuti yonse inakhalamo chaka chathunthu. Zoona zili pakati, pa 12 peresenti.

Ndalama muziione ngati aganyu m'munda: wobwera m'mawa ndi wobwera dzuwa litapendeka simuwawerengera ntchito yofanana. K10,000 inagwira masiku onse 365, choncho iwerengedwa yonse. K6,000 inagwira masiku 183 okha, ndiye tichulukitse 6,000 ndi 183 n'kugawa ndi 365, tipeza K3,008. K4,000 ya feteleza inasowamo masiku 46 omaliza, ndipo mwa njira yomweyo tichotsa K504. Ndalama yomwe inagwiradi ntchito chaka chonse ndi 10,000 kuphatikiza 3,008 kuchotsa 504, yomwe ndi K12,504. Gawani 1,500 ndi 12,504, mupeza 12 peresenti. Izi zimatheka ndi kakyuleta ya pafoni.

Njira ya pamanjayi imayandikira bwino pa chaka chimodzi. Zaka zikachuluka, kapena mukamaika ndi kutapa ndalama zikuluzikulu, imayamba kuphonya chifukwa siwerengera phindu lobereka phindu linzake. Pamenepo tsegulani Excel kapena Google Sheets, ngakhale pafoni, mulembe masiku ku A ndi ndalama ku B:

```
     A                  B
1    =DATE(2024,1,1)    -10000
2    =DATE(2024,7,1)    -6000
3    =DATE(2024,11,15)  4000
4    =DATE(2024,12,31)  13500
5    =XIRR(B1:B4,A1:A4)
```

Ituluka pafupifupi 0.1205, kutanthauza 12.05 peresenti pa chaka. XIRR imayesa maperesenti osiyanasiyana mpaka itapeza amene, ndalama iliyonse ikakula nawo kuyambira tsiku lake, zonse zimathera ndendende pa K13,500.

Pa zizindikiro ndi pomwe ambiri amagwa, choncho muime kumbali ya thumba lanu, osati ya akaunti. Ndalama yotuluka m'thumba kupita ku akaunti ikhale ndi - kutsogolo. Yobwerera m'manja mwanu ilembedwe yopanda chizindikiro. Mzere womaliza ndi ndalama yotsala mu akaunti tsiku lowerengeralo, ndipo mumailemba ngati mwaitapa yonse, ngakhale simunaikhudze. Mukauiwala mzerewu, yankho limagwera pansi pa ziro ngati mwaluza kwambiri. Mukalemba zonse ndi chizindikiro chimodzi, muona #NUM!. Mukaona #VALUE!, kawirikawiri ndi tsiku lomwe lalowa ngati mawu wamba, n'chifukwa chake ndalemba ndi DATE. Musagwiritse IRR yopanda X, chifukwa iyo siyang'ana masiku, imangoyesa kuti mipata yonse ndi yofanana.

Chinanso, chiwongoladzanja chomwe chinangotsalira mu akaunti musachipatse mzere wake. Chili kale mkati mwa K13,500, ndipo mukachilemba mwachiwerenga kawiri. Mulembe chokhacho chimene chinatumizidwa kwa inu, kaya kubanki kaya pafoni. Pa mzere womaliza, ngati kampani imadula kenakake potapa, ine ndimakonda kulemba ndalama yomwe ingandifike m'manja atadula, chifukwa ndi imene ndingagulire thumba la feteleza.

Chenjezo lomwe ndimalitenga mwamphamvu ndi la nthawi yaifupi. XIRR nthawi zonse imayankha za chaka chathunthu. Akaunti ikakwera 3 peresenti m'masiku 30, idzakuonetsani pafupifupi 43 peresenti, chifukwa ikuyesa kuti miyezi yonse iyenda chimodzimodzi. Chiwerengero chotere musakonzerepo bajeti, ndipo wina akakuonetsani chotere pofuna kuti muike ndalama kwa iye, mufunseni kuti chachokera pa masiku angati.

Mwinanso mupeza kuti kampani yalengeza peresenti yosiyana ndi 12 yanuyi. Zimenezo pazokha sizisonyeza kuti akuberani. Iwo amayeza mmene thumba lonse la ndalama za anthu oikamo layendera, osalabadira tsiku limene inu munaika kapena kutapa. Ngati thumba linakwera kwambiri Julayi asanafike, K6,000 yanu inaphonya kukwerako, ndipo peresenti yanu ikhala yotsika kuposa yawo. Ngati linakwera kumapeto kwa chaka, yanu ikhoza kuposa yawo. Pofuna kuyerekeza makampani awiri, gwiritsani chiwerengero chawocho. Pofuna kudziwa zomwe ndalama ya banja lanu yabereka, gwiritsani XIRR, ndipo masiku muwatenge pa sitetimenti, osati pamutu.